Diresi la poliyesita likundimata m'miyendo, ukwati uli Loweruka

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji nonse a pa gulu? Ndithandizeni nzeru chonde. Loweruka likubwerali mng'ono wanga akumanga ukwati kuno ku Lilongwe, ndipo ife a kuchikazi tinasoketsa madiresi ofanana, a nsalu yoterera yowala ija. Ndinakatenga langa dzana. Poyesa m'mawa kwa atelala zonse zinali bwino, koma nditalivalanso masana kunyumba n'kuyenda kuchoka kuchipinda kufika pabalaza, diresi lonse linandikulunga m'miyendo ngati ndagwera m'madzi. Ndikalikoka likulira kuti thethethe, ndikalisiya likubwereranso. Maondo onse akuonekera. Ine sindingayende choncho pamaso pa apongozi ndi akulu ampingo. Ndachapa, ndasita, palibe chasintha. Kodi vuto ndi kasokedwe kapena nsalu?

NaBanda wa ku Joni: Pepani asisi, vuto limeneli ndikulidziwa bwino. Kuno ku Johannesburg miyezi ya Juni, Julayi mpaka Ogasiti ndi nkhondo ya tsiku ndi tsiku. Ukagwira chitseko cha galimoto, thwa! Ukavula juzi, tsitsi lonse limaima. Mkati mwa diresimo mukuvala chiyani?

Mayi a Tadala: Pitikoti ya nayiloni, yomwe ndimavala nthawi zonse.

Atelala a ku Limbe: Ndiye mwaphatikiza awiri amene samvana, mayi. Kasokedwe kalibe mlandu pamenepa. Nsalu zowala zimene anthu akugula za maukwati masiku ano zambiri ndi poliyesita, ngakhale wogulitsa akuuzeni kuti ndi silika. Poliyesita pamwamba, nayiloni mkati, mwezi wa Seputembala, ndiye kumata kwenikweniko. Ine ndaona izi kwa zaka zambiri: madiresi amene ndimasoka mu Januwale palibe amene amabwera kudzadandaula, koma nsalu yomweyo ndikasoka mu Ogasiti kapena Seputembala, amayi amabwerera nayo akuti ndachepetsa m'chiuno. Ndikayeza ndimapeza miyezo ili bwinobwino.

Bambo a Chikondi: Mayi, musapeputse nkhani ya magetsi. Ngati zovala zikukugwirani magetsi mutasita, itanani wa magetsi aone ayironi yanuyo ndi mawaya a m'nyumba. Kwathu kunali furiji imene inkagwira aliyense woikhudza, tinapeza kuti waya wopita pansi unaduka. Mwana akanavulala.

Aphunzitsi a Sayansi: Bambo a Chikondi, chenjezo lanu ndi labwino, koma izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo nkofunika kuti aliyense azizisiyanitsa. Magetsi a furiji yanu ankachokera ku soketi. Amenewo ukagwira amanjenjemeretsa dzanja nthawi yonse imene wagwira, ukasiya n'kugwiranso amayambiranso, ndipo amapha. Magetsi a diresi la Mayi a Tadala amapangika pa nsalu pomwepo. Amaluma kamodzi, kuti thwa, basi atha, mpaka utayendanso kapena kukhutiza nsalu. Ayironi singasiye magetsi ake mu nsalu. Ngakhale atasita ndi simbi yamakala, diresilo limata chimodzimodzi.

Chimene chimachitika ndi ichi. Chinthu chilichonse chili ndi tinthu ting'onoting'ono ta magetsi totchedwa maelekitironi. Zinthu ziwiri zosiyana zikakhudzana kenako n'kusiyana, china chimalanda maelekitironi a chinzake. Cholandacho chimatsala ndi ochuluka, cholandidwacho chimatsala ndi ochepa, ndipo ziwirizo zimayamba kukokana. Nayiloni, ubweya ndi tsitsi la munthu zili m'gulu lotaya maelekitironi msanga. Poliyesita ndi akiriliki, uja amapangira majuzi ndi mabulangete ambiri, zili m'gulu lolanda. Thonje lili chapakati, silitaya kwambiri, sililandanso kwambiri. Ndiye atelala akamati mwaphatikiza awiri osamvana akunena zoona ndithu: nayiloni ali mbali iyi, poliyesita ali mbali inayo, ndipo phazi lililonse limene mukuponya nsalu ziwirizo zikukhudzana n'kusiyana, magetsi akuwonjezekera.

Mayi a Tadala: Zikomo aphunzitsi. Koma nanga likumatiranji pa khungu langa? Ine si nsalu ayi.

Aphunzitsi a Sayansi: Mukukumbukira tili ku pulayimale tinkakhutiza bolopeni m'tsitsi n'kunyamula nayo timapepala tong'amba? Timapepalato tinalibe magetsi alionse, koma bolopeni ikayandikira, magetsi a mkati mwa pepala ankasuntha: ofanana ndi a bolopeni ankathawira kutali, osiyana nawo ankabwera pafupi, pepala n'kudumpha. Mwendo wanu ukuchita chimodzimodzi. Nsalu yodzaza magetsi ikayandikira, khungu limaonetsa mbali yosiyana nayo, ndipo poti nsaluyo ndi yopepuka, ndi iyo imene imathamangira mwendo. N'chifukwa chake jini yolemera simata koma shifoni ndi satini zimamata.

Achimwene a Kabaza: Ine ndimaona ngati ndi kutentha. Dzuwa la Seputembala ndi Okutobala limalowetsa moto mu nsalu za pulasitikizi. Jezi yanga ya mpira ndikaiyanika padzuwa tsiku lonse, poivala imathetheka. Ndikayanika pamthunzi sizichitika kwambiri.

NaBanda wa ku Joni: Achimwene, kutentha ayi. Kuno zimafika poipa nthawi yozizira, m'mawa udzu uli mbuu ndi chisanu. Mu Disembala kukutentha, mvula ikugwa, palibe chimene chimamata.

Aphunzitsi a Sayansi: Nonse awiri mwaona zoona, koma chimene mwaonacho ndi kuuma, osati kutentha kapena kuzizira. Achimwene a Kabaza, jezi yanu ikakhala padzuwa tsiku lonse imauma mpaka kachinyezi komaliza kuchoka, pomwe ya pamthunzi imatsala nako. NaBanda, Johannesburg ili pamwamba, mamita oposa 1,700, ndipo nyengo yozizira mvula siigwa, mpweya umauma kwambiri. Ifenso kuno, kuyambira Meyi mpaka Okutobala mvula kulibe, ndipo chinyezi chimanka chitsika mpaka kufika pansi penipeni mu Seputembala ndi Okutobala.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye ndiloleni ndifotokoze pang'onopang'ono. Magetsi aja amapangika chaka chonse, dzinja ndi chilimwe chomwe. Kusiyana kwake ndi kwakuti amapeza njira yothawira kapena ayi. Mpweya ukakhala ndi chinyezi, pamwamba pa ulusi uliwonse ndi pa khungu pamakhala kamadzi kochepetsetsa kosaoneka ndi maso, kosamvekanso pogwira. Kamadzi kameneko ndiye msewu. Magetsi akangopangika amayenda pa iko, amamwazikana, amalowa m'thupi n'kutsikira pansi musanamve kanthu. Mpweya ukauma msewuwo umaduka, magetsi amakhala pomwe apangikirapo, akuunjikana.

Tsono nsalu zimasiyana kutali pa kasungidwe ka madzi. Tengani nsalu zolemera magalamu 100 iliyonse, zouma pogwira, zili m'chipinda cha chinyezi chabwino. Ya thonje imakhala itasunga madzi pafupifupi magalamu 8 mkati mwa ulusi wake. Ya ubweya imasunga kuposa apo, cha m'ma 15. Ya nayiloni cha m'ma 4. Ya poliyesita sifika ngakhale theka la galamu imodzi. Chimene timaikondera poliyesita, chakuti ukachapa m'mawa pofika 10 koloko yauma, ndi chomwechonso chimene chimaichititsa kumata. Imakana madzi, ndiye ilibe msewu wakewake, imadalira chinyezi cha mumpweya basi.

Mayi a Tadala: Ndiye chifukwa chake kwa atelala m'mawa linali bwino?

Aphunzitsi a Sayansi: Ndikuganiza choncho. Mpweya wozizira wa m'mawa umakhala pafupi kukhuta madzi, n'chifukwa chake mame amagwa m'bandakucha. Dzuwa likakwera mpweya womwewo umatha kunyamula madzi ambiri, koma poti palibe powatenga, umayamba kuyamwa pa nsalu, pa khungu, pa milomo. Komanso kwa atelala munangoima pa galasi, simunayende. Tsegulani pa foni yanu pamene pamaonetsa za nyengo, mufufuze mawu akuti Humidity, kutanthauza chinyezi cha mumpweya. Nambalayo ikakhala pamwamba pa 60, kumata sikuvuta kwenikweni. Ikatsika pansi pa 40 mavuto ayamba, ndipo pansi pa 30 ndiye zothetheka zija.

Mayi a Tadala: Ndaona. Panopa 2 koloko ikuonetsa 27.

Mlongo wa ku Leeds: Aphunzitsi, ndili ndi funso. Kuno ku Mangalande mu Januwale mvula imawaza pafupifupi tsiku lililonse, foni imaonetsa 85 kapena 90. Koma ku nyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, yunifolomu yanga imamata, ndipo ndikayala bedi n'kugwira chitsulo cha bedilo ndimalumidwa mpaka kudzidzimuka. Agogo ena ndinawagwira dzanja tonse tinalumpha, ndinamva chisoni kwambiri. Ngati chinyezi ndicho mankhwala, bwanji kuno sizikugwira?

Aphunzitsi a Sayansi: Funso labwino, mlongo. Foni ikukuuzani za panja, koma inu mumagwira ntchito mkati, momwe mahita akuyaka usana ndi usiku. Tiwerengere limodzi. Tiyerekeze bokosi la mita imodzi mbali zonse. Mpweya wa madigiri 5 wodzaza bokosi limenelo ungathe kunyamula madzi pafupifupi magalamu 7 basi. Ngati chinyezi chili pa 85, ndiye kuti muli magalamu pafupifupi 6. Mpweya womwewo ukalowa m'nyumba n'kutenthetsedwa kufika madigiri 21, umatha kunyamula magalamu 18, koma madzi ake akadali 6 omwe aja. 6 pa 18 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye kuti chinyezi chagwa kufika cha m'ma 33. M'nyumba za okalamba amatenthetsa kuposa pamenepo, ndiye chimatsikirabe. Panja pali chiperoni, mkati muli Seputembala wa ku Lilongwe.

Za kuluma anthu, musanagwire munthu gwirani kaye khoma kapena chitseko chathabwa ndi chikhatho chonse, magetsi amatuluka pang'onopang'ono osaluma. Pa chitsulo, gwirani kiyi mwamphamvu n'kukhudza chitsulocho ndi nsonga ya kiyiyo. Kamoto kamadumpha pa kiyi m'malo mwa pa chala.

Gogo NaPhiri: Ana anga, ine nkhani yanga ndi ya bulangete. Mdzukulu wanga wa zaka 6 anakuwa usiku mu Julayi akuti m'bulangete muli moto. Ndinazimitsa tochi n'kulikoka, ndinaonadi timoto tobiriwira tikuthwanima. Kunena zoona mtima unagunda, ndinapemphera usiku umenewo. Bulangetelo ndi lofewa lija la maluwa, anatumiza mwana wanga kuchokera ku Joni. Kodi silingayake mwana ali mkati?

Aphunzitsi a Sayansi: Agogo, khazikani mtima pansi. Mabulangete ofewa amenewo ndi a poliyesita kapena akiriliki, ndipo akakhutizana ndi tsitsi ndi zovala za mwana amachita zomwezi. Timoto munaonato ndi abale a ching'aning'ani, koma ang'ono kwambiri. Kuti munthu amve kuluma pamafunika mavoliti pafupifupi 3,000, nambala yoopsa poimva, koma magetsi ake ndi ochepetsetsa ndipo amatha m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso. Sangayatse bulangete, sangavulazenso mwana. Muyalireni nsalu ya thonje pakati pa iye ndi bulangete, chitenje chakale chenicheni chikwanira, timoto tichepa.

Pamene kamoto kameneka kali koopsadi ndi pamene pali nthunzi ya petulo kapena gasi wotayika. Achimwene a Kabaza, izi zikukhudza inu: chigubu cha petulo muzichiika pansi pothira, osati chili pa mpando wa njinga kapena kumbuyo kwa galimoto. Ndipo m'khitchini mukamva fungo la gasi, tsegulani mazenera kaye, musavule juzi muli momwemo.

Achimwene a Kabaza: Za chigubu ndamva, aphunzitsi, ndiwauzanso anzanga pa siteji.

Mayi a Tadala: Ndaphunzira zambiri koma abale, Loweruka likuyandikira. Ndichite chiyani ndi diresili?

Atelala a ku Limbe: Yambani ndi pitikoti, mayi. Chotsani ya nayiloniyo, muvale ya thonje. Ngati mulibe, mita imodzi ndi theka ya nsalu yopyapyala ya thonje ikukwanirani, telala aliyense asoka ndi lasitiki m'chiuno pasanathe ola. Koma chenjerani pogula, chifukwa masiku ano ngakhale zitenje zambiri zotsika mtengo ndi poliyesita. Pemphani kachidutswa, mukayatse ndi machesi panja, mutagwira ndi pulayala kapena foloko, madzi ali pafupi. Thonje limayaka ngati pepala, kununkha ngati pepala, n'kusiya phulusa lofewa limene limafufutika pa chala. Poliyesita imathawa moto, imasungunuka, imatulutsa utsi wakuda n'kusiya kampira kolimba ngati mkanda. Musakagwire kasanazizire, kamamatirira pa khungu. Ikayaka n'kusiya zonse ziwiri, phulusa ndi kampira, ndi yosakaniza. Imeneyo ndi yabwinoko kuposa nayiloni koma siifika pa thonje lenileni.

Ndipo tembenuzani diresilo muone ngati anaika layiningi. Ngati ilimo, nthawi zambiri imakhalanso poliyesita.

Mayi a Tadala: Langa lilibe layiningi, ndinakana chifukwa cha kutentha. Koma la akulu anga ndi la alamu anga ali nayo.

NaBanda wa ku Joni: Ine ndikupatsani zimene ndimachita kwa abwana anga, poti ntchito yanga ndi yochapa ndi kusita yomweyi. Potsukuluza komaliza thirani mankhwala ofewetsa zovala aja timati sofutena, chivindikiro chimodzi m'ndowa ya madzi, muviike mphindi 10, musatsukuluzenso ndi madzi ena. Yanikani pamthunzi, ndipo muanule likangouma, osalisiya pa chingwe mpaka madzulo. Ngati simukufuna kuchapanso, tengani botolo lopopera, madzi theka la lita, sofutena sipuni yaing'ono imodzi, khutchumulani. Tembenuzani diresi, mupopere mkati muli chapatali, kuti pangogwa nkhungu, osati kunyowetsa. Koma yesani kaye pa mpendero mkati, chifukwa satini ina imasiya madontho. Sofutena akasowa, kondishona wa tsitsi amagwiranso, muyezo womwewo.

Kwa amene muli ndi makina oumitsira zovala, musaike za poliyesita pamodzi ndi za ubweya kapena masokosi a nayiloni, ndipo muzichotse zisanaumitsitse. Ine ndinaphunzira ndi malaya a abwana, anatuluka masokosi atatu atamatirira kumsana.

Aphunzitsi a Sayansi: Njira ya NaBanda ili ndi chifukwa chake chomveka. Sofutena amasiya kamafuta kopyapyala pa ulusi. Kamafutako kamachita ziwiri: kamatereretsa nsalu kuti isakhutizane kwambiri, ndipo kamakoka chinyezi cha mumpweya, ndiye kuti kakumanga msewu uja pa nsalu imene inalibe. Kondishona wa tsitsi ali ndi mankhwala a mtundu womwewo.

Achimwene a Kabaza: Ndiye ndithirenso pa jezi yanga?

NaBanda wa ku Joni: Pa jezi ayi achimwene, kapena kamodzikamodzi. Majezi a masewero anawapanga kuti azitulutsa thukuta, ndipo sofutena amatseka timipata take, kenako jezi imayamba kusunga fungo. Matawulonso mukamathira kawirikawiri amasiya kumwa madzi. Ndiponso pa zovala zogonera za ana zolembedwa kuti sizigwira moto msanga, musathire, amafooketsa chitetezocho.

Mayi a Mphatso: Ine zonsezo sindivutika nazo. Ndimangobaya sefitipini mkati mwa mpendero, imayamwa magetsi onse. Anandiphunzitsa ndi mayi anga. Komanso viniga potsukuluza, theka la kapu.

Aphunzitsi a Sayansi: Mayi a Mphatso, za pini ndimazimva kwa anthu ambiri, koma mtima wanga sukhutira nazo. Chitsulo chimadutsitsa magetsi, inde, koma sichiwameza. Ayenera kupita kwinakwake. Pini ikamakhudza khungu ingathe kuchotsa magetsi a pamalo pamene ilipo, koma poti poliyesita siyendetsa magetsi, a pa bondo sangayende kukafika pa pini ili ku mpendero. Njira ina, yopititsa hang'ala yawaya mkati mwa diresi, ndiyo ndimaimvetsa, chifukwa mwaigwira m'manja ndipo mukuiyendetsa pakati pa diresi ndi pitikoti paliponse, ikutola magetsi malo onse n'kuwapereka ku thupi lanu. Koma nayonso imangochotsa amene alipo, mukayenda amabweranso.

Mayi a Mphatso: Aphunzitsi, ine zaka zonsezi siketi yanga ya kwaya siinandimatepo, ndipo pini ilimo.

Atelala a ku Limbe: Mumakhala kuti, mayi?

Mayi a Mphatso: Ku Nkhata Bay.

Atelala a ku Limbe: Mwina nyanja ikukuthandizaninso. Kumeneko mpweya suuma ngati ku Lilongwe kapena ku Kasungu. Ifenso kuno ku Limbe chiperoni chikabwera mu Juni ndi Julayi, masiku amenewo nsalu sizithetheka pa tebulo langa, chikangochoka zimayambiranso.

Mayi a Mphatso: Kaya, koma ine pini sindichotsa. Ndinapita nayo siketiyo ku msonkhano wa amayi ku Mzimba mu Ogasiti, siinamate.

Aphunzitsi a Sayansi: Musachotse mayi, siiwononga kanthu. Mukadzapitanso kouma, tsiku lina mudzavale ndi pini, lina popanda, mudzatiuze. Ndikufunadi kudziwa. Za viniga, amathandiza kuchotsa sopo wotsalira ndipo zovala zimafewako, koma akauma amauluka osasiya kanthu pa ulusi, ndiye sindingamuike pamodzi ndi sofutena pa nkhani ya kumata.

Mlongo wa ku Leeds: Palibe amene watchula khungu. Ine chimene chinandithandiza kwambiri ndi kudzola. Miyendo ikakhala yotuwa, yunifolomu imamata kawiri. Mayi a Tadala, dzolani loshoni yokwanira kuyambira m'ntchafu mpaka ku akakolo mukangosamba, khungu lisanaumiretu. Muonjezeremo madontho angapo a gilisalini, amene uja amagulitsa m'timabotolo m'magolosale. Gilisalini amakoka madzi ndi kuwasunga pa khungu.

Gogo NaPhiri: Vaselini sangachite? Ndi amene ali m'nyumba zathu zambiri.

Atelala a ku Limbe: Agogo, pa satini ayi chonde. Poliyesita imakana madzi koma imakonda mafuta, ikagwira vaselini banga lake limavuta kuchoka. Ndinaona diresi la mperekezi wa mkwatibwi litadetsedwa mawanga awiri pa maondo chifukwa cha zimenezi, pa zithunzi zonse ankaoneka. Ngakhale loshoniyo, dikirani mphindi 10 ilowe m'khungu musanavale. Pitikoti ya thonje ithandizanso pamenepa, ikhala pakati.

Posita, mayi, ayironi ikhale pamoto wochepa, musite kunsi kwa diresi, mutayala kansalu ka thonje konyowa pang'ono pamwamba. Nthunzi yake imachotsa makwinya ndi magetsi omwe. Mukasita mouma ndi moto wambiri, mukuumitsa nsalu kuonjezera vuto, ndipo ingathe kuwala malo amodzi kapena kukwinyika osabwereranso.

Bambo a Chikondi: Ndavomera kuti si ayironi. Koma ndifunse, bwanji mkazi wanga amalumidwa ndi chitseko cha galimoto pafupifupi tsiku lililonse, ine ayi, galimoto yomweyo?

Aphunzitsi a Sayansi: Onani zimene amavala ndi nsapato zawo. Potsika, nsalu imakhutizana ndi mpando n'kusiyana nawo mwadzidzidzi. Ngati avala poliyesita ndi nsapato za soli ya pulasitiki kapena labala, magetsi alibe kotsikira, amadikira chitseko. Inu mwina mumavala thalauza la thonje, kapena manja anu amachita thukuta. Auzeni agwire chitsulo cha chitseko asanadzuke pa mpando, apitirize kugwira mpaka phazi litaponda pansi. Koma ndinene chilungamo, anthu awiri ovala zofanana amathanso kusiyana, ndipo ngakhale akatswiri a sayansi akadatsutsanabe za chimene chimasamuka kwenikweni nsalu ziwiri zikakhudzana, kaya ndi maelekitironi okha kapena pali tinthu tinanso. Agiriki anaziona izi kalekale pokhutiza utomoni wouma wa mtengo umene ankautcha elekitironi, dzina n'kuchokera pamenepo, koma nkhaniyi siinatheretu mpaka lero.

Mayi a Tadala: Ndabweranso, lero Lachinayi. Ndayesa chimodzichimodzi kuti ndidziwe chikugwira ndi chiti, zonse masana, foni ikuonetsa pakati pa 25 ndi 30. Loshoni yokha ndi pitikoti yakale ija: linamatabe, koma tsopano limamata pa pitikoti, pitikotiyo n'kumakwera m'mwamba. Hang'ala yawaya: linamasuka pomwepo, koma nditazungulira nyumba kawiri linayambiranso. Dzulo ndinasoketsa pitikoti ya thonje, nsalu ndinaiyesa ndi machesi monga ananenera atelala, yoyamba imene anandionetsa inasungunuka, ndinatenga yachiwiri. Ndi imeneyo kumata kwachepa kwambiri, kwangotsala kumunsi kumene pitikoti siifika, cha m'makatumba. Lero ndapopera madzi a sofutena mkati, ndayanika pakhonde theka la ola. Ndayenda mpaka ku msika ndi kubwera nditafunda chitenje pamwamba, diresi likugwa bwinobwino.

Atelala a ku Limbe: Pitikotiyo akadaitalikitsa kuti itsale masentimita 3 okha kufika pa mpendero wa diresi. Ngati nsalu yatsala, aonjezere chidutswa kumunsi, sichioneka.

NaBanda wa ku Joni: Loweruka mutenge kabotolo kakang'ono m'chikwama. Zikavuta pa holo, pitani ku bafa, nyowetsani manja, muwakutumule, mupititse pa pitikoti ndi m'miyendo mkati. Osati pamwamba pa satini. Madzi okha amakusungani kwa kanthawi mpaka aume, a sofutena amakhalitsa.

Mayi a Tadala: Abale, ukwati unayenda bwino, zikomo nonse. Ku tchalitchi m'mawa panalibe vuto kwa aliyense. Ku holo, cha m'ma 3 koloko pa perekaniperekani, titavina nthawi yaitali, langa linayamba kugwira pang'ono kumbuyo kwa miyendo, ndinapita kukapopera kamodzi basi mpaka kumaliza. Alamu anga anachita zonse monga ine, kwa iwonso zinayenda. Koma la akulu anga linavuta tsiku lonse. Iwo anapopera, anadzola, pitikoti ya thonje anavala, koma satini inkamatirira pa layiningi yake yomwe, kutsogolo n'kumapanga makwinya ngati thumba. Chodabwitsa n'chakuti la alamu lilinso ndi layiningi, telala mmodzi, koma silinachite zimenezo.

Atelala a ku Limbe: Mwina layiningi ziwirizo si nsalu imodzi, telala amatha kugula ina yoyamba ikamuthera, mtundu wofanana koma ulusi wosiyana. Komanso mankhwalawo anangofika mbali ya khungu, pakati pa satini ndi layiningi sanalowepo. Afunseni akulu anu ngati layiningi yawo inasokedwa pamodzi ndi mpendero kapena ikulendewera payokha. Ngati ikulendewera, adule kachidutswa kakang'ono pa msoko wa mkati, atero ndi la alamu anunso, muyatse zonse ziwiri mundiuze fungo ndi chimene chatsala.